Agogo akuona chikasu, inu mukuti ndi ng'ala?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinapita kukazonda mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu, amene mtima wake sukupopa bwino magazi. Ndinawapeza ali gone pamphasa, beseni lili pambali. Masiku atatu osadya, nseru yokhayokha. Akuti nsalu yoyera ya pazenera akuiona yachikasu, babu la magetsi lazunguliridwa ndi nkhata yowala. Adzukulu ali phee pakhonde. Wina akuti ndi malungo, wina akuti ng'ala, wachitatu anali atayamba kale kuloza zala anthu a pamudzi.

Nditafunsa za mankhwala, anandibweretsera kapepala ka digokisini, mankhwala othandiza mtima kupopa magazi. Adokotala analemba piritsi limodzi la mamiligalamu 0.125 patsiku. Adzukuluwo ataona miyendo yatupa ankawamwetsa awiri, ati achire msanga. Kodi digokisini ndi panado? Munaphunzira kuti udokotalawo? Mankhwala awa mlingo wochiza ndi mlingo wopha zili pafupi ngati mphuno ndi mlomo. Amatuluka kudzera mu impso, pang'onopang'ono, ndipo impso za munthu wazaka 70 si za mnyamata. Piritsi la dzana limakhala likadali m'magazi pamene mukuwonjezera la lero.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mayiwa amamwanso mapiritsi okodzetsa aja a furosemaidi, ndipo sabata yonse anali akutsegula m'mimba. Zonse ziwirizi zimataya potaziyamu, mchere wa m'thupi wothandiza mtima kugunda bwino. Digokisini ndi potaziyamu amalimbirana malo amodzi pa minofu ya mtima. Potaziyamu akachepa, digokisini amakhala pamalopo mwaufumu, moti ngakhale mlingo woyenera umasanduka poizoni. M'magazi potaziyamu amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Tsiku lokayezetsa magazi linalembedwa bwinobwino m'buku la kuchipatala. Anapita? Ayi, ati thiransipoti yakwera. Nanga ya bokosi la maliro yatsika?

Ndinagwira dzanja lawo n'kuwerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu: 48, kwinaku ukudumphadumpha. Ukatsika pansi pa 60, piritsi lotsatira limayamba ladikira mpaka mufunse achipatala. Ndi angati mwa inu osamalira odwala amene mumawerenga? Foni ili m'manja tsiku lonse, wotchi ili momwemo.

Ndipo musati mwamva potaziyamu, basi mukagule mapiritsi ake kufamase n'kumamwetsa. Akachuluka nayenso amaimitsa mtima, makamaka kwa amene akumwa mankhwala a mtima otchedwa sipironolakitoni kapena enalapulilo. Amene amaweruza ndi magazi oyezedwa, osati mlamu wanu wodziwa zonse uja.

Tinawanyamula usiku womwewo, mankhwala onse ali m'jumbo kuti adokotala aone. Agonekedwa, ndipo dzulo amwako phala.

Wodwala wa digokisini akayamba nseru, kusanza, kukana chakudya, kusokonezeka mutu kapena kuona zachikasu, mumadikira chiyani? Kuti mudzatiitane ndi uthenga wa maliro? Manyazi akugwireni.