Chenjezo kwa inu amene mumagula tikiti ya ndege musanatsegule pasipoti

Ana inu, tamverani. Chizolowezi chosiya pasipoti m'sutikesi chaka ndi chaka, n'kuitulutsa usiku woti mawa ndi ulendo, chitheretu. Mumangoyang'ana tsiku lothera n'kunena kuti "ikadali ndi moyo." Mayiko ambiri sawerenga choncho. Amafuna kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi yakutiyakuti, ndipo ikaperewera ndi tsiku limodzi lokha simukwera ndege.

Singapore, Indonesia ndi United Arab Emirates amafuna miyezi 6 kuyambira tsiku lolowa m'dziko mwawo. Mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen, monga Jeremani, Falansa ndi Italy, amawerenga kuchokera kwina: miyezi 3 kuyambira tsiku limene mudzatuluke, komanso pasipotiyo ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi. South Africa imafuna masiku 30 kuchokera tsiku lotuluka. Apa ndi pamene ambiri mumagwa, chifukwa mumamva kwa mnzanu kuti "ndi miyezi 6" kapena "ndi itatu" osafunsa kuti kuwerengako kukuyambira pati.

Titenge pasipoti yothera pa 20 Novembala 2026. Mwini wake akufuna kukafika ku Dubai, m'dziko la United Arab Emirates, pa 1 Juni 2026 ndi kukakhalako sabata imodzi yokha. Kwa iye zonse zili bwino, pajatu adzakhala atabwerako kalekale pasipoti isanathe. Koma miyezi 6 kuchokera pa 1 Juni ikukathera pa 1 Disembala. Pasipoti yaperewera ndi masiku 11, ulendo wafera pomwepo. Pasipoti yomweyo atapita nayo ku Jeremani n'kudzatulukako pa 15 Juni, palibe vuto, chifukwa miyezi 3 ikuthera pa 15 Seputembala. Koma tikiti yobwerera ikakhala ya pa 25 Ogasiti, malire akufika pa 25 Novembala, ndiye kuti waperewera ndi masiku 5. Mwaona? Buku lomwelo, munthu yemweyo, koma yankho likusintha malinga ndi dziko ndiponso tsiku.

Tsono musaganize kuti mukachonderera mukafika uko. Simufikako n'komwe. Amene akubwezeni ndi wapakauntala ya kampani ya ndege pabwalo lonyamukira. Iye amayang'ana pakompyuta mu Timatic, ndondomeko ya bungwe la makampani a ndege la IATA yosonyeza zimene dziko lililonse limafuna. Kampani ikanyamula munthu wosakwanira mapepala imalipitsidwa chindapusa ndipo imayenera kumubweza ndi ndalama zake. Ndiye kumukalipira mwana wa eni pakauntalapo, kumuonetsa viza, kutchula maliro kapena msonkhano, n'kutaya nthawi. Wangotsata lamulo, ndipo kawirikawiri ndalama ya tikiti sibwera chifukwa kulakwa n'kwanu.

Nkhani ya masamba ndiye imandiwawa kwambiri, poti ndi ulesi weniweni: kuwerenga masamba sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Pasipoti ikhoza kutsala ndi zaka 5 koma n'kukanidwa chifukwa yadzaza. Viza ya Schengen imafuna masamba awiri opanda kanthu, chifukwa ndi pepala lomata limene limadya tsamba lathunthu. South Africa nayo imafuna masamba awiri osalembedwa. Tsamba lopanda kanthu ndi lopanda kanthu ndithu. Likakhala ndi kachidindo kamodzi pakona, musaliwerengere. M'mapasipoti ena masamba akumapeto ndi olembapo zosintha za boma, si a viza, ndipo ngakhale ali oyera sawerengedwa. Inu oyendayenda pa malonda, amene mumadinditsa polowa ndi potuluka mwezi uliwonse, masamba amakutherani zaka zisanathe. Ulendo ukakhala wodutsa mayiko atatu, phatikizani masamba amene dziko lililonse likufuna, chifukwa dziko loyamba likadinda, lachitatu lidzapeza otsala ochepa. Ndipo musayerekeze kumatula viza yakale kapena kung'amba tsamba kuti mupeze malo. Pasipoti yotero imatengedwa ngati yowonongeka, mwinanso yochitidwa chinyengo.

Makolo, za ana musaiwale. M'mayiko ambiri pasipoti ya mwana imatha msanga kuposa ya wamkulu, nthawi zambiri pa zaka 5. Banja lonse limatenga mapasipoti tsiku limodzi, bambo n'kuyang'ana yawo yokha, kenaka ana n'kubwezedwa pabwalo.

Musanalipire tikiti, tsegulani pasipoti. Lembani tsiku lothera, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka m'dziko lililonse, kuphatikizapo dziko longodutsamo ngati mudzatuluke pabwalo la ndege. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kapena ku kampani ya ndege kuti ndi miyezi ingati, kuyambira tsiku liti, ndi masamba angati, potchula dziko limene linakupatsani pasipoti, chifukwa malamulowa amasiyana kwa nzika za mayiko osiyanasiyana ndipo amasintha. Pasipoti ikatsala ndi miyezi 9 kapena masamba oyera anayi, kayambeni kupempha yatsopano, popeza kuidikira nakonso kumadya masabata.