Mbewu ya haibridi kapena ya kompoziti: maganizo anga kwa mlimi wa ekala imodzi

Abale anga a ku Zomba kuno, mwezi wa Okutobala ukamatha ndipo mizere ikakhala kuti yaungidwa, funso la mbewu limabweranso m'nyumba zathu. Ambiri timangofunsa kuti ndi mbewu iti imene imabereka kwambiri, ndipo wogulitsa aliyense wa ku Thondwe, ku Jali kapena ku Songani amayankha kuti ndi haibridi. Sakunama ayi. Koma mlimi wa ekala imodzi ayenera kudzifunsa mafunso ena awiri asanatulutse ndalama: kodi ndipeza feteleza wochuluka bwanji, nanga chaka chamawa ndidzadzala chiyani? Maganizo anga ndi akuti haibridi imayenera munthu amene adzakwanitse kuigula chaka ndi chaka n'kuithira feteleza, ndipo amene sangathe kutero ndi bwino atenge kompoziti kusiyana ndi kubwereza haibridi.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene haibridi siibwerezedwa, pakuti ena amaganiza kuti ndi chinyengo cha makampani chofuna kutidyera ndalama. Mbewu ya haibridi imapangidwa pokwatitsa makolo osiyana amene akatswiri anawasunga kwa zaka kuti asasakanikirane ndi chimanga china. M'munda wopangira mbewu amadzala mizere ya mayi ndi mizere ya bambo, ndipo amazula ngayaye zonse za mizere ya mayi zisanayambe kuwaza mungu, kuti ndevu zake zilandire mungu wa bambo yekha. Chimene chimakololedwa pa mizere ya mayi ndicho chimene timagula m'paketi. Mphamvu yake imachokera pa kukumana kwa makolo osiyanawo, ndipo imakhala yokwana pa m'badwo woyamba wokha. Ukadzala njere za m'munda mwako, mbewuzo zimakhala kuti zakwatirana pachibale, ndipo makhalidwe a makolo aja amayamba kubalalika.

Zimenezi zimaoneka ndi maso. Munda wa haibridi yatsopano umakhala wolingana msinkhu, umamasula nthawi imodzi, ndipo zitsononkho zimakhala pa utali wofanana. Munda wa chibwereza uli ndi mapesi ataliatali ndi afupiafupi pa mzere umodzi, ena amasula pomwe ena akali kutali, ena ndi ogonera opanda kanthu, ndipo zitsononkho zambiri zimakhala zazing'ono kapena za maso apatalipatali chifukwa ndevu zinatuluka mungu utatha. Kafukufuku wochitika m'chigawo chathu chino cha kumwera kwa Afirika amasonyeza kuti kubwereza haibridi kumataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola, ngakhale kuti kuchuluka kwake kumatengera mtundu wa haibridiyo, pomwe kompoziti ikabwerezedwa imangotsika pang'ono.

Kompoziti, imene alangizi amaitchulanso kuti OPV, yapangidwa mwa njira ina. Ndi gulu la chimanga chosankhidwa bwino chimene chimakwatirana chokhachokha momasuka, kotero kuti ana ake amafanana ndi makolo. Mitundu monga ZM309, ZM523 ndi ZM623 inachokera ku ntchito ya bungwe lofufuza za chimanga la CIMMYT mogwirizana ndi akatswiri a kuno kwathu, ndipo ZM309 ndi ZM523 zinasankhidwa kuti zizipirira ng'amba. ZM309 imacha msanga, zomwe zimathandiza m'madera otentha a kufupi ndi nyanja ya Chilwa kapena kutsidya kwa phiri ku Chingale, kumene mvula imatha kudula chimanga chikumasula. Malangizo a boma ndi akuti kompoziti ingadzalidwe kwa zaka zitatu, kenaka mlimi agule ina yatsopano. Kuipa kwake n'kwakuti pa nthaka yabwino ndi feteleza wokwanira siifika pa haibridi.

Tsopano tiwerengere pamodzi, ndipo ndigwiritsa ntchito matumba a chimanga m'malo mwa makwacha chifukwa mitengo imasintha mwezi ndi mwezi. Manambalawa ndi oyerekeza chabe. Aliyense aikemo a m'munda mwake. Ekala imodzi imafuna mbewu yolemera makilogalamu 10 ngati mizere yatalikirana masentimita 75 ndipo tikudzala njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25. Tinene kuti makilogalamu 10 a haibridi akugulidwa ndi ndalama ya matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ndipo a kompoziti ndi ndalama ya thumba limodzi.

Mlimi woyamba wapeza thumba la feteleza wokulitsa ndi thumba la yureya, amathira pa nthawi yake, ndipo amapalira kawiri. Tinene kuti haibridi ikumupatsa matumba 20 ndipo kompoziti ikadamupatsa 16. Pa zaka zitatu, haibridi ndi matumba 60, kuchotsapo 6 a mbewu, atsala 54. Kompoziti ndi matumba 48, kuchotsapo limodzi logulira mbewu ndi kachimanga kosunga, atsala 46 ndi kanthu. Apa haibridi yapambana moonekeratu. Tsono mlimi yemweyu akati chaka chachiwiri apulumutse matumba awiri a mbewu potapa m'nkhokwe, akolola matumba 13 kapena 14 m'malo mwa 20. Wapulumutsa awiri, wataya asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo feteleza amene anamugula movutikira wathera pa mapesi ogonera. Ichi ndicho chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndikamadutsa m'minda mwezi wa Febuluwale, chifukwa mwini munda amadzudzula feteleza kapena mvula pomwe vuto linayambira pa mbewu.

Mlimi wachiwiri dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo, ndipo nthaka yake ndi yaguga, ya kaufiti m'malo ena. Popanda feteleza, tinene kuti haibridi ikumupatsa matumba 6 ndipo kompoziti 5. Pa zaka zitatu, haibridi ndi matumba 18, kuchotsapo 6 a mbewu, atsala 12. Kompoziti ndi matumba 15, kuchotsapo limodzi ndi theka, atsala 13 ndi theka. Kusiyanaku sikwakukulu, ndipo sindikufuna kukukokomeza. Chachikulu ndi chimene sichioneka pa masamuwa: haibridi imafuna ndalama m'manja mwezi wa Novembala chaka chilichonse, nthawi imene chakudya chayamba kuchepa m'nyumba ndipo fizi ya ana ikudikira. Amene alibe ndalamayo amayamba wapita ku ganyu, n'kudzadzala mvula yoyamba itadutsa ndi masabata awiri kapena atatu, ndipo kuchedwa koteroko kumadya zokolola kuposa thumba limodzi lija limene haibridi imapambana nalo. Wa kompoziti mbewu yake ili kale m'nyumba. Mvula ikagwa usiku, m'mawa ali m'munda, ndipo ng'amba ikapha zomera ali ndi yopakiza popanda kukongola kwa munthu.

Pali nkhani inanso imene amayi amaidziwa bwino kuposa ife amene timangowerenga matumba pa tsiku lokolola. Chimanga chofewa, cha maso olowa pamwamba, chimaphwanyika pokonola, mphale imachepa, madeya amachuluka, ndipo anankafumbwe sachedwa kuchiboola. N'chifukwa chake anthu anakakamira chimanga cha makolo kwa zaka zambiri, kufikira pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, mahaibridi a maso olimbirapo okonoleka bwino. Phunziro lake likugwirabe ntchito pa mitundu yonse iwiri. Musanagule, funsani ngati mtunduwo uli wolimba maso ndiponso ngati makoko ake amatseka nsonga ya chitsononkho, chifukwa matumba 20 a mwezi wa Meyi akhoza kusanduka fumbi pofika Disembala ngati simunathire mankhwala kapena kusunga m'matumba osalowa mpweya.

Komabe ndisakunamizeni kuti kompoziti ndi yongotapa m'thumba n'kudzala. Kuno ku Zomba minda yathu ndi yaing'ono ndiponso yogundana, malire ake ndi mzere umodzi wa nandolo kapena kanjira, ndipo mungu wa chimanga umayenda ndi mphepo. Alimi opanga mbewu amatalikitsa minda yawo mamita mazana angapo kuchokera ku chimanga china, zomwe mlimi wa ku Mayaka kapena ku Domasi sangakwanitse payekha. Choncho mbewu iyenera kusankhidwa pakati pa munda, kusiya mizere ya m'mbali imene yalandira mungu wa oyandikana nawo. Isankhidwenso chimanga chikali chiimire, chisanadulidwe n'kusanjidwa pa mikukwe, pakuti pa mulu umangoona kukula kwa chitsononkho osadziwa ngati phesi lake linadwala, linagwa, kapena linakula chifukwa linali pachulu. Mangani kansanza pa mapesi athanzi, a msinkhu wapakati, a chitsononkho chotsekeka bwino, ndipo musankhe ambiri, mazana awiri kapena kuposa apo. Kusankha zitsononkho khumi zazikulu zokha kumachititsa kuti mbewu ikwatirane pachibale, ndipo m'kupita kwa zaka imafooka. Mukaumitsa bwino, tong'olani ndi manja, kusiya maso a kunsonga ndi a kutsinde, muthire mankhwala ndi kusunga padera pouma. Mvula isanagwe, dzalani njere 100 m'mchenga wonyowa pakhonde, ndipo ngati zomera sizinafike 85 pakatha sabata, mbewuyo musaidalire.

Kumene mabanja oyandikana minda agwirizana kudzala mtundu umodzi wa kompoziti, vuto la mungu limachepa kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti makalabu a alimi ndi mafumu akadayamba nkhaniyi pa misonkhano ya Seputembala. Vuto lina ndi lakuti kompoziti yovomerezeka siipezeka m'masitolo ambiri monga momwe haibridi imapezekera, kotero kuti ndi bwino kufunsa mlangizi msanga. Ndipo mtundu uliwonse umene mwasankha, pewani mbewu yoyezedwa pa mbale pamsika ngakhale ikhale yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, chifukwa utoto aliyense akhoza kupaka. Gulani paketi yomata, yokhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti inayesedwa ndi tsiku lake, ndipo musunge paketiyo ndi lisiti mpaka mbewu itamera.

Kwa banja limene lapeza thumba limodzi lokha la feteleza, limene ndikukhulupirira kuti ndilo lochuluka pakati pathu, ine ndinganene kuti ekala igawidwe. Theka la nthaka yabwino lilandire makilogalamu 5 a haibridi yatsopano ndi feteleza wambiri, ndipo theka linalo lidzalidwe kompoziti yocha msanga pamodzi ndi manyowa ndi nandolo. Mlimi wotereyu adziwe kuti haibridi yakeyo idzawaza mungu pa kompoziti, choncho asankhire mbewu kumbali yakutali ndi haibridiyo, ndipo akaona kuti munda wayamba kusiyana misinkhu agule kompoziti yatsopano ngakhale zaka zitatu zisanakwane.