Ngati simukumufuna, muuzeni: maganizo anga pa uthenga wotsiriza

Ndikufuna ndinenepo za munthu amene mwakumana naye pa Tinder kapena pa Facebook, mwacheza masiku angapo, mwina mwapatsana nambala n'kusamukira pa WhatsApp, kenako mtima wanu wakana. Sanakutukwaneni, sanakubereni. Kungoti palibe chikukukokani. Ambiri a ife tikafika apa timangoti zii, kapena timayamba kuyankha "eya" ndi "chabwino" mpaka munthuyo atope yekha. Ine ndikuti mlembereni uthenga umodzi, waufupi, waulemu, koma woti akauwerenga asatsale ndi funso loti kodi akundifuna kapena ayi.

Ndikudziwa chimene chimativuta. Tinakula ndi mwambi uja woti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Munthu sumukana pamaso, umapeza chifukwa choti ubisaleko. Pa nkhani zambiri ulemu umenewu umathandiza. Koma pa nkhani ya chibwenzi umakumana ndi chizolowezi china chimenenso tinakula nacho, choti mkazi akafunsiridwa amayamba wakana, ndipo mwamuna weniweni amalimbikira. Ndiye taganizani: inu mukulemba kuti "panopa ndatanganidwa" mukutanthauza kuti ayi, iye akuwerenga kuti "ubwerenso sabata yamawa." "Ndiganize kaye" kwa mnyamata wa kwathu kuno ndi chiyembekezo chathunthu. Adikira, agula bandulo, afulasha, atumiza "mwadzuka bwanji" m'mawa uliwonse, ndipo m'mutu mwake sakulakwa chilichonse chifukwa simunamuuze.

Palinso ichi. Kuno ku Ntcheu si ku Lilongwe koti munthu ungamusowe pakati pa chikhamu. Tinder imakuonetsa anthu malinga ndi mtunda umene wasankha, ndipo ukakhala pa boma la Ntcheu n'kuika makilomita ochepa, amene akutulukawo ndi omwewo amene mudzakhalirane nawo mu minibasi ya pa M1, mudzagundane nawo pa Lizulu mukutsitsa mtengo wa kabichi, kapena mudzawapeze akutumikira pa maliro a kwa azakhali anu. Amene munamuthawa osatsanzika mudzapatsana naye moni wa manyazi zaka zambiri. Amene munamuuza bwinobwino, mawa lake zimawawa, koma pakapita miyezi mumalonjerana ngati anthu.

Ndikupatseni chitsanzo cha msuweni wanga, amene amagulitsa kachewere wa ku Tsangano. Anacheza ndi bambo wina wa ku Dedza kwa sabata ziwiri. Bamboyo waulemu ndithu, wosatumiza zithunzi zachabechabe, koma macheza ake anali a munthu amene wasankha kale tsiku la chinkhoswe. Sabata yoyamba isanathe anali atayamba kumutchula kuti "mayi a kunyumba." Kenako anamutumizira 5,000 kwacha pa Airtel Money, akuti ya bandulo, osapemphedwa. Msuweni wangayo anafuna kutuluka, ndipo uthenga umene anayamba kulemba unali uwu:

"Pepani achimwene, masiku ano bizinesi yandipanikiza ndiye sindikupeza mpata wocheza. Inu ndinu munthu wabwino kwambiri, mwina m'tsogolo muno Mulungu akalola."

Uwerengeni ngati ndinu bamboyo. Vuto ndi bizinesi, ndiye nyengo ya kachewere ikatha vuto latha. Ndine munthu wabwino kwambiri, ndiye akundifuna. M'tsogolo muno, ndiye ndidikire. Mulibe mawu ngakhale amodzi okana mu uthengawu. Tinakhala pansi n'kuulembanso, ndipo umene unapita ndi uwu:

"Achimwene, zikomo chifukwa cha macheza a masiku apitawa, mwandilemekeza. Ndaganiza mofatsa ndipo ndaona kuti kumbali yanga palibe maganizo a chibwenzi, choncho sindipitiriza kucheza. Ndalama ija ndakubwezerani pa nambala yomweyi. Ndikukufunirani zabwino zonse."

Ziganizo zinayi basi. Chiganizo choyamba ndi chothokoza, ndipo chikunena chinthu choona: anamulemekezadi. Musathokoze zimene sizinachitike, ndipo musachulutse matamando, chifukwa mukamuyamikira kwambiri munthu amene mukumukana amafunsa moyenera kuti nanga ngati ndili wabwino chonchi mukundisiyiranji. Chachiwiri ndiye mutu wa nkhani. Taonani kuti chikunena za iye mwini wolemba, "kumbali yanga," osati za zofooka za bamboyo. Munthu angatsutse mukamuuza kuti amathamanga magazi, alonjeza kuti asintha. Koma sangatsutse zimene zili mumtima mwanu. Taonaninso mawu oti "sindipitiriza." Sakupempha chilolezo, sakufunsa kuti "mukuona bwanji?" Akudziwitsa.

Za ndalamazo ena anditsutsa, ndikudziwa. Ati mphatso ndi mphatso, sanamukakamize. N'zoona, ndipo palibe mkazi amene ali ndi ngongole ya chikondi chifukwa cha bandulo. Koma ine ndimati ngati mungathe, bwezani, ndipo bwezani musanatumize uthengawo kuti mulembe kuti "ndabweza" osati "ndidzabweza." "Ndidzabweza" ndi chingwe chimene chimupatsa chifukwa chokuimbirani Lachisanu lililonse. Komanso m'tauni yaing'ono nkhani yoti "anandidyera ndalama" imayenda msanga kuposa nkhani yoona. Sungani uthenga wotsimikizira kuti ndalama yapita. Ngati mulibe yobweza, musaitchule n'komwe, ndipo musalandirenso ina.

Ulemu wa "inu" ndi "achimwene" kapena "achemwali" usungeni, ngakhale munali mutayamba kale kuitanana "iwe." Kubwerera ku "inu" kumaika kamtunda popanda kunyoza. Koma chotsani timitima ndi tinkhope tolira kumapeto kwa uthenga. Kamtima kamodzi kamafafaniza ziganizo zonse zinayi.

Bodza lija loti "ndili ndi chibwenzi" kapena "ndabwererana ndi wakale" lisiyeni. Likuoneka lachifundo, koma mawa akuonani muli pa Tinder pomwepo, kapena afunsa mnzake wa ku Mphate amene amakudziwani, ndipo kukana kwaulemu kuja kwasanduka chipongwe. Chimodzimodzi "tikhale abwenzi wamba" pamene simukufuna n'komwe ubwenziwo. Ngati simudzayankha mameseji ake, musamupatse udindo wa mnzanu.

Bamboyo anayankha, monga amayankhira ambiri: "Chifukwa chiyani? Ndakulakwirani chiyani mayi?" Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Chisoni chimakugwira, umayamba kufotokoza, ndipo chifukwa chilichonse chimene wapereka iye amachipezera yankho. Ku Dedza n'kutali? Ndizibwera ine, minibasi zilipo. Ndinu wamkulu kwa ine? Zaka ndi nambala chabe. Mpingo wosiyana? Ndisintha. Ola limodzi likamatha mwapezeka mukukambirana za tsiku lokumana. Msuweni wanga anayankha kamodzi kokha:

"Palibe chimene mwalakwa. Ndi mmene mtima wanga ulili, ndipo sizisintha. Tsalani bwino achimwene."

Atatero sanayankhenso. Kunabwera mameseji ena awiri usiku womwewo, wina m'mawa, kenako kunati zii. Kukhala chete pambuyo poti mwanena zoona n'kosiyana kwambiri ndi kungosowa. Munthuyo akudziwa chifukwa chake foni siikulira.

Tsopano za mabatani, chifukwa apa ena amachita zabwino n'kuziwononga okha. Pa Tinder mukadina Unmatch, macheza onse amachoka kwa inu ndi kwa iye yemwe, ndipo simungabweze. Ndiye mukalemba uthenga wanu wokoma uja n'kudina Unmatch nthawi yomweyo, n'kutheka kuti sauwerenga. Kwa iye mwangosowa basi. Mpatseni tsiku limodzi, makamaka poganizira kuti anthu ambiri kuno sakhala ndi bandulo nthawi zonse, ndipo m'midzi ina ya kumapiri netiweki imachita kusakidwa. Pa WhatsApp dikirani muone tiki ziwiri, kutanthauza kuti uthenga wafika pa foni yake. Musadikire kuti zisanduke zabuluu, chifukwa ena anazimitsa zimenezo. Mukadina Block iye sauzidwa, amangoona kuti mameseji ake akutsalira pa tiki imodzi ndipo chithunzi chanu sichikuonekanso. Koma dziwani kuti ngati muli limodzi m'gulu la WhatsApp, kaya la mpingo kaya la ophunzira akale a sukulu yanu, m'gulumo muziwerengerana mameseji monga kale.

Nthawi yotumizira nayo ili ndi kanthu. Masana kapena chakumadzulo, osati pakati pa usiku pamene munthu ali yekha ndi maganizo ake, mwinanso atalawako. Ndipo lembani, musatumize uthenga wa mawu. Mawu amanjenjemera, amaseka pamene sipoyenera kuseka, ndipo amatalika. Ngati munapangana zokumana Loweruka, uthenga upite Lachinayi, asanakwere minibasi n'kuwononga ndalama ya thiransipoti. Kumusiya munthu ataima pa depoti akuimba foni yozimitsa ndi nkhanza, ngakhale amene amachita zimenezi amati akuopa kumukhumudwitsa.

Si macheza onse amene amafuna uthenga wotere. Ngati mwangopatsana "moni" ndi "muli bwanji" n'kuthera pomwepo, kulemba kalata yotsanzika n'kudzikweza. Zisiyeni zife zokha. Muyeso wanga ndi uwu: ngati munthuyo angadabwe mutasowa, muuzeni. Ndipo mbali inayo, munthu amene wakutumizirani zamaliseche, wakuopsezani, kapena wayamba nkhani za mayi ake odwala amene akufunika ndalama lero lomwe, ameneyo alibe gawo pa ulemu wonsewu. Jambulani machezawo kaye, kenako Report ndi Block, osatsanzika. Akapitiriza kukusakani ndi nambala zina, Malawi ali ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Zithunzi za macheza zija ndiye umboni wanu, pamodzi ndi uthenga umene munanena momveka kuti simukufuna, ngati munautumiza.

Amuna anzathu, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya akazi okha. Inu ndiye akatswiri a kusowa, makamaka mukangokumana ndi munthu kamodzi n'kuona kuti sakufanana ndi chithunzi chake. Uthenga ndi womwewo, mungosintha "achimwene" n'kuika "achemwali." Za maonekedwe ake musatchule, ngakhale atakufunsani kuti munene zoona. Ndipo inu amene mwalandira uthenga wotere, musautumize ku gulu la anzanu kuti museke kapena kumunena, musamuike pa sitetasi ndi mawu obaya. Yankhani kuti "Ndamva, zikomo pondiuza," kenako fufutani nambalayo.