Mwanayo sanabayidwe, komabe lipoti ndinalemba

Usiku wina ndili pa naiti mu wodi ya makanda, ndinatsala pang'ono kubaya mwana mankhwala ochuluka kanayi kuposa mlingo wake. Kutacha ndinalemba lipoti. Mnzanga wina anandifunsa kuti, "Mukudzineneza bwanji poti mwana ali bwinobwino?" Funso limeneli limandisowetsa mtendere mpaka lero, n'chifukwa chake ndati ndinenepo maganizo anga.

Mwanayo anali wa masiku atatu, wolemera makilogalamu 3. Adokotala analemba jentamaisini, mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza mamiligalamu 15 kamodzi patsiku. Timabotolo tomwe tinazolowera tinkalembedwa 20 mg/2 ml, ndiye kuti mu mililita imodzi muli mamiligalamu 10, ndipo mwana wotere timamukokera mamililita 1.5. Dzanja langa linali litaloweza kale zimenezi. Ndinathyola kabotolo, n'kukoka 1.5 osaganizanso kawiri.

Ndikuti ndikaponye m'bokosi la zinthu zakuthwa, ndinakatembenuza kuti ndiwerenge komaliza. Panalembedwa 80 mg/2 ml. Mtima unangoti phwii. Kukula kwa kabotolo n'komwe kuja, dzina lomwe lija, koma mu sirinji munali mamiligalamu 60. Jentamaisini akachuluka amawononga impso ndi makutu, ndipo kumva kukapita sikubwerera. Chowawa n'chakuti khanda silinganene kuti silikumva. Mayi amadzazindikira patapita nthawi, mwana akuchedwa kuyankhula.

Kusukulu tonse tinaloweza zoyenera zisanu zija: wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo woyenera, njira yoyenera ndi nthawi yoyenera. Ena amawonjezera kulemba m'fayilo, chifukwa chomwe mankhwalawo akuperekedwera, komanso ufulu wa wodwala wokana. Usiku umenewo zinayi ndinazikhoza, ndipo mukanandifunsa ndikanalumbira kuti mlingonso uli bwino. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mndandandawu umangotiuza zomwe ziyenera kulondola, sutiuza momwe tingadziwire kuti zalondoladi. Chilichonse chimafuna ntchito ya maso ndi manja. Wodwala umamutsimikiza ndi zinthu ziwiri, dzina ndi tsiku lobadwa kapena nambala ya fayilo, osati nambala ya bedi, poti makanda amasunthidwa ndipo mapasa amakhala pa dzina la mayi mmodzi. Mlingo umautsimikiza powerenga mphamvu ya mankhwala katatu, potenga, pokoka ndi usanataye kabotolo, kenako masamu papepala. Ukaitana mnzako kuti aone, usamuuze yankho lako. Ukati "ndi 1.5, eti?" amangogwedeza mutu. Mpatse fayilo ndi kabotolo awerengetsere yekha.

Sirinji ija ndinataya. Ine ndi mnzanga tinawerengetsera payekhapayekha, tonse tinapeza mamililita 0.375, ndipo mwana analandira mlingo wake. Timabotolo tonse ta 80 ndinatichotsa m'bokosi la ana nthawi yomweyo n'kuwauza asisita oyang'anira, chifukwa makanda ena anali pa mankhwala omwewo. Akanakhala kuti wabayidwa mlingo wolakwika uja, bwenzi choyamba ndi kuitana adokotala, kuyang'anira mkodzo wa mwana ndi kuwauza mayi ake zoona, pepala pambuyo.

Mu lipoti ndinalemba zomwe zinachitika basi: tsiku ndi ola, zomwe adokotala analemba, zomwe ndinakoka, pomwe ndinazindikira, ndi momwe zinthu zinalili, kuti tinali anamwino awiri ndipo anandidukiza kawiri ndili pa thebulo la mankhwala. Sindinalembe kuti "ndinachita mphwayi", sindinalozenso chala munthu. Mawu otere amatseka nkhani, chifukwa wolakwa akapezeka palibe amafunsanso kuti kabotolo ka akuluakulu kanafika bwanji m'bokosi la makanda.

Lipoti litafufuzidwa, zinadziwika kuti kufamase timabotolo ta ana tinatha, anatumiza tinato popanda uthenga, ndipo wolandira anangotithira m'bokosi lomwelo. Pamsonkhano namwino wina, mutu uli pansi, anaulula kuti nayenso anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi masiku awiri m'mbuyomo, koma anakhala chete poopa kukalipiridwa. Msampha unakhala pamenepo masiku awiri ukudikira wina. Ine sindimuimba mlandu. Ndikuyang'ana inu oyang'anira mawodi: mukamukalipira wolemba lipoti pamaso pa anzake, mwezi wotsatira malipoti amachepa, inu n'kumayesa kuti wodi yakhala bwino.

Mu wodi yathu sabata yomweyo mabokosi anakhala awiri, la 80 lili ndi chizindikiro chofiira, pa shelefu ina. Pakhoma pali tchati cha mamililita pa kulemera kulikonse, cha mphamvu zonse ziwiri, ndipo mphamvu ya mankhwala ikasintha timanena polandirana ntchito. Mwana uja anatuluka atamaliza mankhwala ake, ndipo chitseko chitamenyeka ndinamuona akudzidzimuka kumsana kwa mayi ake.