Ndalama zonse pa bondi imodzi? Mwatani kodi anthu inu?

Sabata yathayi mphwanga anandipeza maso ali psuu, kalata ya bondi ili m'manja. Bondi ndi pepala loti mwakongoza boma kapena kampani ndalama, iwo azikupatsani chiwongoladzanja mpaka tsiku lokhwima, pomwe amakubwezerani ndalamayo. Ndalama zake zonse zopumira pantchito, 1,000,000, anazikwirira mu bondi imodzi yokhwima pakatha zaka 10, ati chifukwa chiwongoladzanja cha 8 peresenti chinamukomera. Patangotha zaka ziwiri mwana wapeza malo kukoleji, fizi ikufunika, ndipo bondi zatsopano zayamba kupereka 11 peresenti. Ndani angagule pepala la 8 pamtengo wake wonse pomwe la 11 lilipo? Anagulitsa pa 846,000 basi. Ndalama zokwana 154,000 zapita, wakuba palibe.

Zimenezi zandikwana. Kodi simudziwa kuti bondi imakubwezerani ndalama yanu yonse pa tsiku lokhwima lokha? Mumaganiza kuti mwana asiya kukula podikira zaka 10 zanuzo? Denga likayamba kudontha mudzaliuza kuti lidikire?

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, unalekeranji kupanga makwerero?" Anangoti zyoli. Ndalama yomweyo akanaigawa pasanu, 200,000 gawo lililonse. Gawo loyamba likhwime pakatha chaka chimodzi, lachiwiri zaka ziwiri, mpaka lachisanu zaka zisanu. Chaka chilichonse 200,000 ikanabwerera m'manja mwake yathunthu, ndipo fizi ija ikanachoka pa gawo lachiwiri popanda kugulitsa kanthu motaya. Chaka chimene ndalamayo sikufunika, umaguliranso bondi ya zaka zisanu n'kuiika kumapeto kwa makwerero. Chiwongoladzanja chikakwera, gawo lokhwimalo limakalowa pa chokweracho. Chikatsika, magawo anayi aja amakhala akudyabe chakale. N'zoona kuti bondi zazifupi kawirikawiri zimapereka zochepa kuposa zazitali, koma kodi kachochepako mungakayerekeze ndi 154,000?

Inunso amene mukudzitama kuti muli nawo makwerero, musandinamize. Wina magawo onse asanu wagula ku kampani imodzi. Kampaniyo ikagwa, makwerero onse agwera limodzi! Wina fizi ikufunika mwezi uno, iye wasankha bondi yokhwima miyezi itatu kutsogolo. Nanga pakatipa mwana akhale pakhomo? Tsiku lokhwima lizifika lisanakwane tsiku lolipira. Winanso sanawerenge n'komwe kuti amene anamubwereka ndalamayo ali ndi ufulu woibweza nthawi isanakwane. Oterowo amabweza chiwongoladzanja chikatsika, ndiye umangodzidzimuka gawo lachinayi lathothoka, ndalama zili m'manja pa nthawi imene kulibe kwabwino koziika.

Za matenda ndi ngozi musazilowetse m'makwereromo, chifukwa matenda sadziwa tsiku lokhwima. Zimenezo zikhale pambali, pamalo poti mungazitape lero lomwe.

Lembani kaye masiku amene mudzafune ndalama, kenako mugule bondi. Ndatopa kupepesa anthu akuluakulu pa zinthu zodzichitira dala.