Adiveti ya loji ya kunyanja izinena nthawi yomwe khichini imatseka

Maganizo anga chabe, eni maloji a kunyanja musandikwiyire. Maadiveti anu ambiri amayankhula ndi munthu amene wafika kale pa mchenga, pomwe amene mukufuna akupatseni ndalama ali mu ofesi ku Ginnery Corner Lachitatu masana, akuwerengera ngati fiyo ndi salale zikwane. Munthu ameneyu nyanja amaidziwa, simukufunika kumuuza kuti madzi ndi okongola. Akufuna adziwe kuti akanyamuka Lachisanu ataweruka afika nthawi yanji, akadya chani usiku umenewo, ndipo pofika Lamulungu m'thumba mukhala mutachoka zingati.

Ife kuno ku Mulanje anthu a m'tauni timawaona wikendi iliyonse akupita ku Likhubula kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba. Amenewa savuta kuwakopa chifukwa kuchokera ku Limbe ndi ola limodzi ndi kanthu, akakhumudwa amangotembenuza galimoto nkukagona kwawo. Kunyanja sizili choncho. Blantyre kukafika pa boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, ndiye maloji ambiri ali kupitirira boma pa msewu wa ku Monkey Bay. Ukafika usiku wafika basi, ngakhale chipinda chikhale chonunkha chinyezi ugona momwemo. Nchifukwa chake munthu amafunsa mafunso ambirimbiri asanatumize dipoziti, ndipo adiveti yabwino imayankha mafunsowo iye asanafunse.

Asisi anga ena ali ndi kagesitihausi ka zipinda zochepa cha uko, ananditumizira positi yawo kuti ndiwaikire pa sitetasi. Inali ndi chithunzi cha dzuwa likutuluka pa madzi, mawu oti bwerani mudzapumule ku paradizo, kenako mtengo bwerani ku inibokosi. Ndinawafunsa kuti asisi, khichini mumatseka nthawi yanji? Akuti 8 koloko. Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu waweruka 5 koloko, akatenge ana, adutse mu Limbe pomwe Lachisanu madzulo magalimoto amangokwawa, atuluka m'tauni cha m'ma 6. Mdima umupeza asanafike ku Zomba, ndipo kuyambira pa Liwonde amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha njinga zopanda magetsi ndi anthu oyenda m'mbali mwa msewu. Pa geti panu afika 9 koloko itadutsa, ana ali ndi njala, wophika anapita kale kwawo. Wikendi yayamba ndi mabisiketi ndi mkangano m'galimoto, ndipo Lolemba ku ofesi nkhani imene akafotokoze ndi imeneyo, osati dzuwa lanu lija.

Tinailembanso motere, mitengoyi ndangoika yoyerekeza:

"Mukuchokera ku Blantyre Lachisanu mutaweruka? Yembekezani kuyenda maola atatu ndi theka kapena anayi. Tiuzeni pa WhatsApp mukafika pa Liwonde, mudzapeza nsima ndi nsomba zili zotentha ngakhale 10 koloko usiku. Mausiku awiri, anthu awiri, ndi kadzutsa yemwe: K180,000. Mwana wosakwana zaka 6 salipira. Chipinda chili ndi bafa lakelake, neti ndi fani, magetsi akazima sola imayendetsa fani ndi mababu usiku wonse. Lamulungu mutha kukhala mpaka 2 koloko masana. Dipoziti ndi theka, pa Airtel Money kapena Mpamba, mukasintha maganizo lisanafike Lachitatu timabweza."

Mawu oti paradizo mulibemo koma onani zomwe munthu wadziwa. Chimene ndinalimbana nawo kwambiri asisi ndi mtengo. Iwo amati ukaika poyera anzako oyandikana nawo amatsitsa wawo kuti akulande makasitomala. Zoona zimachitika, koma oyandikana nawowo mtengo wanu amaudziwa kale, amangotuma mwana wawo kuti aimbe foni. Amene sakuudziwa ndi kasitomala yekha, ndipo munthu wa pa salale akaona zoti bwerani ku inibokosi amaganiza ziwiri, kuti mwina ndi zodula mopitirira kapena mukufuna muyambe mwaona chithunzi chake kuti mumutchaje molingana ndi nkhope. Komanso ikani mtengo wa wikendi yonse, osati wa usiku umodzi pa munthu mmodzi, chifukwa uja akaona K45,000 amasangalala kenako pa kauntala nkumva kuti ndi kuchulukitsa kanayi, amaona ngati mwamubera ngakhale simuname.

Za Lamulungu 2 koloko zija musazione zazing'ono. Munthu wa wikendi tsiku lathunthu ali nalo limodzi lokha, Loweruka. Mukamutulutsa 10 koloko m'mawa Lamulungu ndiye kuti walipira mausiku awiri nkusamba nyanja tsiku limodzi. Kagesitihausi kakang'ono Lamulungu usiku nthawi zambiri zipinda zimakhala zopanda anthu, ndiye maola anayi amenewo simuluza kanthu, ndipo akanyamuka 2 koloko afika ku Blantyre kusanade kwenikweni. Koma ngati Lolemba lake ndi holide musalonjeze, chifukwa pamenepo ena akudikira chipinda chomwecho.

Chinanso musalonjeze chambo ngati kuti muli nacho m'dziwe kuseri kwa nyumba. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, nyanja imakalipa, asodzi masiku ena salowa m'madzi, bwato lokaona zilumba nalonso silinyamuka. Lembani kuti nsomba ya tsikulo, chambo kapena kampango malingana ndi zomwe asodzi abwera nazo. Positi ya mu Juni isakhale yomweyo ya mu Okotobala. Mu Juni gulitsani bata, moto wa panja madzulo ndi mtengo wotsika, auzeninso atenge juzi. Mu Okotobala kunyanja kumatentha zoopsa, funso loyamba limakhala la fani ndi madzi ozizira, ndipo cha pa 15 pa Tsiku la Anakubala anthu amakhamukira kunyanja, ndiye nenani poyera tsiku lomaliza kubukitsa komanso ngati pamalo panu mumalola masipika kapena ayi. Gulu la anyamata a kooler bokosi ayi ndithu silifuna malo amodzi ndi banja lomwe labwera ndi agogo, adiveti yanu isankhe mbali.

Zithunzi nazo, dzuwa likutuluka aliyense wa m'mbali mwa nyanja ali nalo. Jambulani bedi ndi neti yake, bafa, poimika galimoto mkati mwa mpanda, ndi chimodzi mutaima pakhomo la chipinda kuloza kumadzi kuti munthu aone yekha kutalika kwake. Ngati pakati pa inu ndi mchenga pali msewu ndi nyumba za anthu, lembani kuti ndi kuyenda mphindi zisanu, osati m'mphepete mwa nyanja. Ngati kuchoka pa tala pali kamsewu kafumbi nenani ndi makilomita angati, komanso ngati kagalimoto kotsika kamadutsa nthawi ya mvula, poti wobwera usiku sakhala ndi womufunsa njira.

Ndipo nambala yomwe mwaika pa adivetiyo ikhale ya munthu amene amayankha Lachinayi usiku, chifukwa ndi nthawi imene anthu a m'tauni amamangira mapulani. Asisi nambala yawo inali ya mlonda yemwe foni yake imakhala pa tchaji kwa aneba.