Moto supha poizoni wa bowa

Alembi ena analemba kuti: "Bowa mukamuphika mokwanira, poizoni amatha."

Alembi, pamenepa ndiye ayi. Bowa woopsa kwambiri, monga Amanita phalloides, ali ndi poizoni wosaopa moto. Muwiritseni, mumukazinge kapena mumuyanike kukhala mfutso, poizoniyo amakhala momwemo.

Choipa chake, mukadya simumva kanthu msanga. Kusanza ndi kutsekula m'mimba kumayamba patadutsa maola 6 kapena kuposerapo. Kenako munthu amaoneka ngati wachira, pomwe chiwindi chikuwonongeka, mpaka maso kuchita chikasu.

Anzanga ozula bowa, samalani, bowa ameneyu akakhala wamng'ono amafanana ndi bowa wina wodyedwa. Zoti wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino n'zabodza. Mukayamba kusanza thamangirani kuchipatala, mutenge ndi bowa wotsalayo.